Intaviyu ya usupavaiza: akandifunsa za anzanga akale ndikayankhe chiyani?

*Zikomo. Ndagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi kosungira katundu pa kampani ina yopikulitsa zinthu ku Limbe. Supavaiza wathu wapuma pantchito, ndinafunsira malo akewo ndipo andiitana ku intaviyu Lachinayi sabata yamawa. M'gulu mwathu tilimo anthu naini. Mmodzi ndi bambo achikulire amene anandiphunzitsa ntchito nditangofika, ndipo nawonso afunsira. Wina ndi mnzanga wa ponda apa m'pondepo, tili limodzi m'chipereganyu, koma amachedwachedwa ndipo ine ndimamubisa. Ndikonzekere bwanji? Akandifunsa za kutsogolera anzangawa ndikayankhe chiyani?*
*Mayi wa ku Limbe*

Achemwali, mabwana amene mukakumane nawo Lachinayi akudziwa kale kuti ntchito mumaitha. Akanakhala kuti akukayika, kalata yanu ikanathera m'dilowa. Chimene sakuchidziwa n'chimodzi: tsiku limene zofuna za kampani zidzawombane ndi zofuna za mnzanu, inu mudzaima pati, ndipo mudzatsata njira yanji. Mafunso ambiri a tsikulo, ngakhale ooneka ngati a nkhani ina, adzakhala akuzungulira pamenepa.

Ndakhala kumbali ya ofunsa kwa zaka zambiri, ndipo anthu ofunsira udindo pamalo amene akugwira kale amagwa m'mbuna imodzimodzi. Amalowa akumwetulira poganiza kuti "amandidziwa kale awa", n'kumayankha mwachidule ngati akucheza pa nkhomaliro. Amaiwala kuti wofunsa aliyense ali ndi pepala patsogolo pake, ndipo funso lililonse lili ndi malikisi ake. Kumene ndagwirako ine tinkapereka kuyambira 1 mpaka 5. Zimene simunanene m'chipindamo sizilembedwa, ngakhale manijala atakhala kuti anakuonani ndi maso ake mukuzichita. Munthu wochokera kunja amafotokoza zonse chifukwa akudziwa kuti ndi mlendo, ndiye amatola malikisi amene wam'kati wawasiya patebulo. Choncho kalankhuleni ngati mmodzi mwa iwo sanakuonenipo, ndipo mwina zidzakhaladi choncho, pakuti nthawi zambiri pamakhala wina wa ku ofesi yoona za antchito kapena wa ku nthambi ina.

Masiku amene atsalawa, chotsani maso pa ntchito yanu muwaike pa desiki la supavaiza amene wapumayo. Mwakhala naye zaka zonsezi, koma mwina simunafunsepo kuti Lolemba m'mawa amapita ndi mapepala anji kwa manijala. Fufuzani zimenezo. Ndani amasaina buku la olowa ndi otuluka? Ndani amakonza mashifiti ndi kuvomereza ovataimu? Katundu amawerengedwa kangati pamwezi, ndipo zikasiyana lipoti limapita kwa yani? Makiyi amagona kuti? Ngati mkuluyo mungathe kumupeza, kamuoneni kwawo Loweruka, mutenge kabotolo ka zoziziritsa kukhosi, mumufunse chimene chinkamusowetsa tulo pa udindowu. Anthu opuma pantchito amamasuka pakamwa kuposa amene adakali m'kati. Pemphaninso ku ofesi pepala lofotokoza ntchito za supavaiza ndi buku la malamulo a kampani, makamaka gawo la chilango. Palibe chamanyazi popempha. Wa ku ofesi akakhala pagulu la ofunsa amakumbukira amene anabwera kudzatenga bukulo.

Pali malamulo ochepa a dziko amene supavaiza amakumana nawo sabata iliyonse, ndipo ndi bwino kuwadziwa pamtima. Lamulo la za ntchito la 2000 limati maola a nthawi zonse asapitirire 48 pasabata. Ovataimu ya tsiku wamba imalipidwa malipiro a ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ndipo ya tsiku lopuma kapena la tchuthi cha boma imalipidwa kawiri. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata, ndi masiku 15 kwa ogwira masiku asanu. Koma lofunika kuposa onse pa nkhani yanu ndi gawo 57 la lamulo lomweli: munthu sachotsedwa ntchito popanda chifukwa chomveka, ndiponso asanapatsidwe mwayi wofotokoza mbali yake. Nkhani ikafika ku khoti la za ntchito, wolemba ntchito ndi amene amayenera kuonetsa chifukwa chimene anachotsera munthuyo. Apa ndi pamene makampani ambiri amapsera, chifukwa supavaiza anakalipa pakamwa, sanalembe kanthu, sanamumve munthu. Simukupita kukapikisana ndi maloya ayi. Koma mukangoonetsa kuti mukudziwa kuti supavaiza sachotsa munthu ntchito ndi pakamwa, wa ku ofesi ya antchito uja mtima wake ukhala pansi.

Tsopano tifike pa funso limene likukusowetsani mtendere. Lidzabwera ndithu, mwina motere: "Anthu amene mukufuna kuwatsogolerawa ndi anzanu, mumadya nawo, ena ndi aakulu kwa inu. Mudzawalamulira bwanji?"

Mayankho awiri ndawamva kambirimbiri, ndipo onse ndi ogwetsa. Loyamba ndi la munthu wofuna kuoneka wolimba: "Bwana, ndikangokhala pampando ubwenzi watha, ntchito ndi ntchito." Ofunsa akamva zimenezi amaona mavuto ali m'njira. Amadziwa kuti munthu wotere pakatha mwezi adzakhala akudya yekha, gulu lidzayamba kugwira ntchito mwaulesi dala, ndipo lole imene inkapakiridwa mphindi makumi anayi idzayamba kutenga maola awiri popanda amene ungamuloze chala. Akale anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame, ndipo anthu osenza matumba amadziwa kukumbutsa supavaiza za mamewo. Yankho lachiwiri ndi la munthu wofuna kuoneka wabwino: "Palibe chimene chidzasinthe, tonse ndife banja limodzi, amandikonda." Ili ndiye loopsa kwambiri, chifukwa likuuza mabwana kuti simunaganizepo za tsiku lovuta. Chinthu chidzasintha, mufune musafune. Inu mudzakhala mukudziwa zinthu zimene simungawauze, mudzalemba malipoti okhudza iwo, ndipo tchuthi cha Khirisimasi amene adzakane wina ndinu.

Yankho labwino limayamba ndi kuvomereza kuti vutolo lilipodi, kenako limanena zimene mudzachite, mwatchutchutchu, ndi nthawi yake. Mwa mawu anuanu, lingamveke chonchi:

"N'zoona bwana, ena ndi anzanga enieni, ndipo ndikudziwa kuti zinthu zina zisintha. Sabata yoyamba ndidzakhala pansi ndi aliyense payekha, mphindi zochepa chabe, kuti ndimve chimene chimamuvuta pantchito komanso ndimuuze zimene ndikuyembekezera. Malamulo a nthawi yofikira, mashifiti ndi ovataimu ndidzawaika poyera pabolodi kuti aliyense aziona kuti muyeso ndi umodzi. Mnzanga akalakwa ndidzayamba kulankhula naye pambali ngati mmene ndingachitire ndi wina aliyense, ndipo akabwereza ndidzatsata ndondomeko ya m'buku. Ngati nkhani ndi yoti ubwenzi wathu ungachititse ena kukayikira chigamulo changa, ndidzakuuzani inu kuti muione ndinu."

Chiganizo chomalizacho anthu ambiri amachiopa, amaganiza kuti chikuonetsa kufooka. Kwa ofunsa n'chimene chimakoma kwambiri. Chikusonyeza kuti mukudziwa malire anu ndipo simudzabisa zinthu.

Koma musaime pa malonjezo okha. Aliyense angathe kunena kuti "ndidzakhala wachilungamo". Malikisi asanu aja amapita kwa amene wanena zimene zinachitikadi. Khalani pansi usiku uno ndi kope, mukumbukire nkhani zitatu kapena zinayi za m'zaka zanu zisanu ndi chimodzi. Tsiku limene supavaiza anadwala inu n'kugwirizira. Tsiku limene munakana kusainira katundu wosakwana ngakhale dalaivala anali wodziwana naye. Tsiku limene munaphunzitsa wachilendo, kapena munayanjanitsa awiri amene anakangana. Onjezanipo imodzi imene munalakwitsa inuyo n'kukonza. Nkhani iliyonse muifotokoze m'magawo anayi osavuta: zinthu zinali bwanji, inu udindo wanu unali wotani, munachita chiyani, zinatha bwanji. Isapitirire mphindi ziwiri. Ndipo samalani ndi mawu oti "tina-". Ife timaleredwa kuti kudzitchula n'kudzitama, ndiye timati "tinawerenga, tinapeza, tinakonza". Wofunsa sangapereke malikisi kwa gulu lonse. Pamene munachita ndinu, nenani kuti "ndinawerenganso, ndinapeza, ndinapita kwa manijala". Mukhoza kuyamikira anzanu kumapeto, koma dzanja lanu lioneke.

Pa ntchito ya kosungira katundu pali funso lina limene sililephera, ndipo ndikufuna tiliyende limodzi pang'onopang'ono, chifukwa ndi pamene nkhani ya anzanu imakumana ndi nkhani ya ndalama. Adzati: "Mwawerenga katundu Lachisanu madzulo, mwapeza kuti makatoni sikisi a mafuta ophikira akusowa. Amene anali ndi makiyi sabata imeneyo ndi mnzanu wapamtima. Mutani?"

Ambiri amathamangira kumapeto. Ena amati "ndimuitanira apolisi", ena amati "ndimuuza abweze mwakachetechete". Onse alumpha ntchito yeniyeni ya supavaiza, imene ndi kutsimikiza kaye kuti katunduyo wasowadi. Tiyerekeze kuti khadi la sitoko likuti Lolemba munali makatoni 240. Lachitatu analowa 100. M'kati mwa sabata anatuluka 180. Ndiye pashelefu payenera kukhala 160, koma inu mwawerenga 154. Choyamba n'kuwerenganso, ndipo osati nokha: itanani munthu wachiwiri amene sanagwire makiyi sabata imeneyo, kapena wa ku akaunti, musaine nonse pa nambala imene mwapeza. Kenako bwererani pa 100 analowa aja. Kodi analowadi 100, kapena pepala la wobweretsa ndi limene likunena 100 pamene wolandira anangosaina lole ikufulumira? Kenako tengani mapepala onse a katundu wotuluka muwonkhetse nokha ndi kakyuleta, muwayerekeze ndi buku la alonda a pageti. Onani pakona pamene mumaika zophwanyika ndi zobwezedwa, chifukwa katoni yodontha mafuta imachotsedwa pamulu msanga koma kulemba kwake kumaiwalika. Onaninso ngati sanasokoneze mitundu: katoni ya mabotolo a malita awiri kutuluka m'malo mwa ya lita imodzi. Zikakhala choncho mudzapeza kuti uku kwasowa sikisi, uko kwachuluka sikisi. Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti "kuba" kochuluka kumathera pamenepa.

Mukafotokoza zimenezi m'chipinda cha intaviyu, ofunsa amayamba kugwedeza mitu, chifukwa akumva munthu amene anagwirapo khadi la sitoko ndi manja ake. Kenako pitirizani: ngati pambuyo pa zonsezi sikisi aja akusowabe, mumuuza manijala tsiku lomwelo, osadikira Lolemba, ndipo mulemba lipoti la zimene mwapeza popanda kugamula kuti wakuba ndi wakuti. Mnzanuyo, pamodzi ndi aliyense amene anakhudza katunduyo, apatsidwa mpata wolemba mbali yake. Ndipo pamenepo ndi pamene munene kuti, popeza munthuyu ndi mnzanu wodziwika, mupempha kuti kafukufuku atsogolere wina. Simudzamudula malipiro nokha, simudzamuthamangitsa nokha, ndipo simudzapangana naye kuseri kuti "ugule ubwezeretse ndisanalembe". Chomalizachi ndi chimene chimachotsetsa ntchito masupavaiza atsopano. Tsiku limene zidzaululike, mlandu sudzakhalanso wa makatoni sikisi, udzakhala wakuti inu munadziwa n'kubisa.

Wofunsa wina wochenjera akhoza kukupanikizani: "Nanga akakugwadirani akulira, n'kunena kuti mwana wake ali m'chipatala?" Musayankhe ngati mwala. Nenani kuti mungamumvere chisoni, mungamuthandize kupempha ngongole ya pantchito ngati ilipo, mungakamuonenso wodwalayo, ndipo pa nthawi yomva mlandu mungamuchitire umboni za zaka zimene wagwira bwino. Koma lipotilo lipitabe. Chifundo chili ndi malo ake ambiri, koma khadi la sitoko si amodzi mwa malowo.

Tibwere kwa mnzanu wochedwa uja, pakuti apa mpamene pali dzenje lenileni. Mwanena kuti mumamubisa. Ndikuuzeni mosapsatira mawu: gulu lonse likudziwa, ndipo mwina manijala akudziwanso. Kosungira katundu kulibe chinsinsi, mlonda wa pageti amaona aliyense. Choncho n'zotheka kuti funso la munthu wochedwa lidzafunsidwa dala kwa inu, akuyang'anani m'maso. Musaname kuti simunaonepo wochedwa. Komanso musatchule dzina la munthu. Ndinakhalapo pa intaviyu ina pamene mnyamata wanzeru ndithu, pofuna kuonetsa kuti amaona zonse, anayamba kutchula anzake mmodzimmodzi: uyu amagona kuseri kwa matumba, uyu amabwera atalawa. Zonse zinali zoona. Atatuluka palibe aliyense wa ife amene anafuna kumupatsa anthu oti awasunge. Tinaona kuti ngati akugulitsa anzake asanapatsidwe mpando, akadzaupeza adzachita zotani.

Funso likabwera, yankhani za njira, osati za munthu. Koyamba mumuitanira pambali, osati pamaso pa anzake, n'kumuonetsa masiku enieni a m'buku: Lolemba munafika 8 koloko itadutsa ndi mphindi 25, Lachinayi ndi mphindi 40. Mumufunsa chifukwa, ndipo mumvetsera. Wina amachedwa chifukwa amachokera ku Bangwe kapena ku Machinjiri ndipo minibasi za m'mawa zimavuta, wina amaperekeza mwana kusukulu, wina ndi mowa wa dzulo. Zifukwazi sizifanana, ndipo nthawi zina kusintha shifiti kumathetsa nkhani yonse. Mugwirizana zochita ndi tsiku lodzaonanso, n'kulemba mwachidule zimene mwakambirana. Zikapitirira, mutsata masitepe a m'buku la kampani, chenjezo la pakamwa lolembedwa tsiku lake, kenako chenjezo la kalata kudzera ku ofesi. Ngati atakufunsani mwachindunji kuti "inuyo simunabisepo mnzanu?", vomerani mwachidule: "Zinachitikapo bwana, ndinkaona ngati ndikuthandiza, koma ndinazindikira kuti ndikulemetsa ena amene amafika nthawi yake. Monga supavaiza sindingachite zimenezo." Mawu amenewa sadzakugwetsani. Bodza limene akulidziwa kale ndi limene lingakugwetseni.

Ndipo kuti mawuwo asakhale a pa intaviyu pokha, lankhulani ndi mnzanuyo sabata ino, zotsatira zisanatuluke. Nkhanga zinapangana kusanapse. Muuzeni ngati mnzake: "Iwe, ndikapata udindowu sindidzathanso kukubisa, ndipo anthu onse adzakhala akuyang'ana mmene ndikuchitira ndi iweyo. Usadzandiike pamoto." Mnzanu weniweni adzamva. Akakwiya, ndi bwino mwadziwiratu lero kusiyana ndi kudzadziwa muli ndi cholembera m'manja.

Za chipereganyu ndinenepo pang'ono, ngakhale mwina sadzafunsa. Ndalama pakati pa supavaiza ndi anthu ake zimamanga manja. Tsiku limene mukuyembekezera kulandira kwa munthu kumapeto kwa mwezi, n'kovuta kumukaniza ovataimu, ndipo ngakhale mutamupatsa mwachilungamo ena adzati mukuteteza ndalama zanu. Malizani ndime imene mwayambayi kuti pasakhale wodandaula, kenako tulukani mwaulemu. Ngongole zapamanja, kubwereka kapena kubwereketsa, zithe. Koma kumaliro, kuchipatala, kuukwati, pitani monga kale, ndipo muzipita kwa onse, osati kwa anzanu okha. Pa zimenezi anthu amawerengera kwambiri kuposa mmene mabwana amaganizira.

Nanga bambo aja amene anakuphunzitsani? Ofunsa akudziwa kuti nawonso afunsira, ndipo akudziwa kuti akasankha inu adzakhala ndi munthu wachikulire wokhumudwa m'gulu. Akufuna kumva ngati mungathe kuwasunga osawataya. Akhoza kufunsa motere: "N'chifukwa chiyani tisankhe inu osati amene akhala nthawi yaitali?" Apa lilime lisaterereke. Musanene kuti ndi okalamba, kuti kompyuta imawavuta kapena kuti amachedwa kugwira zinthu, ngakhale zitakhala zoona. Nenani kuti mumawalemekeza, kuti zambiri zimene mumadziwa anakuphunzitsani ndi iwo, kenako bwererani pa zanu: zimene mwachita, zimene mukuona kuti zingakonzedwe, ndi mmene mungazikonzere. Kuyerekeza ndi ntchito ya ofunsa, inu ingoikani katundu wanu patebulo.

Akafunsa mmene mudzakhalire nawo, yankho likhale la zochitika. Mudzapita kwa iwo ndinu, tsiku loyamba, musanaitanitse msonkhano wa gulu, ndipo osati kuwaitanira ku desiki lanu. Mudzawauza kuti mukudziwa kuti nawonso ankafuna udindowu, ndi kuti mukufuna thandizo lawo. Mudzawapatsa gawo lenileni, monga kuphunzitsa achilendo kapena kuyang'anira kalandiridwe ka katundu, osati ulemu wa pakamwa chabe. Mudzapitiriza kuwatchula "bambo" ndi kuwalankhula mwaulemu ngati kale. Pa chikhalidwe chathu mayi wachichepere sangaime pakati pa anthu n'kukalipira bambo wa msinkhu wa atate ake, ndipo palibe chifukwa chochitira zimenezo. "Bambo, ndimapempha kuti lole iyi ithe isanakwane 10 koloko" ndi lamulo ndithu, ngakhale lavala chipewa cha pempho. Koma onjezani kuti ulemu sukusintha muyeso: akakana ntchito poyera kapena akayamba kukopa ena kuti asakumvereni, mudzalankhula nawo pambali kamodzi, momveka, ndipo zikapitirira nkhani idzapita kwa manijala. Apatseninso nthawi. Munthu amene wagonja sachira tsiku limodzi, ndipo kukhala chete kwa masabata awiri si kuukira.

Poti ndinu mayi ndipo ntchito zosenza zimachuluka abambo, wina akhoza kufunsa ngati amuna adzakumverani. Funsoli silikoma, koma musapse mtima. Yankhani ndi nkhani: tsiku limene munatsogolera kupakira kapena kuwerenga katundu ndipo ntchito inatha bwino. Umboni umodzi wotere umatseka pakamwa kuposa mtsutso.

Chinthu china chimene chimasiyanitsa wam'kati wokonzeka ndi wongoyesa mwayi ndi ichi: inu mukudziwa pamene pakudontha. Wochokera kunja sangadziwe kuti malole amaunjikana Lolemba m'mawa chifukwa mapepala amachedwa kuchoka ku ofesi, kapena kuti sopo amanyowa pakona ina nthawi ya dzinja. Sankhani vuto limodzi kapena awiri, osati khumi, ndipo mubwere ndi njira yotsika mtengo yowathetsera. Nenani zimene mungachite m'mwezi woyamba ndi mmene mudzadziwire kuti zatheka, mwachitsanzo kuwerenga mitundu isanu ya katundu wothamanga tsiku lililonse m'malo modikira kumapeto kwa mwezi, kuti chosowa chizidziwika pasanathe maola 24. Koma polankhula za mavutowa musanyoze amene wapumayo. Mwina anali mnzake wa manijala, ndipo mwina njira imene mukuinenayo anaikhazikitsa ndi manijala yemweyo. Nenani kuti "ndaona mpata wokonza apa", osati "zinthu zinali zosokonekera".

Mukakonza zonsezi, ziyeseni ndi pakamwa. Kuganiza yankho m'mutu ndi kulinena ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pezani munthu wa kunyumba kapena wa kutchalitchi, osati wa kuntchito, akufunseni mafunso atatu aja, la anzanu, la makatoni ndi la bambo achikulire, akuyang'ana wotchi. Ngati intaviyu idzakhale m'Chingerezi, yesani m'Chingerezi, ndipo musaloweze mawu ngati ndakatulo, chifukwa akangosintha funso pang'ono mudzasowa pogwira. Gwirani mfundo zake zokha. Tsikulo valani mooneka kuti mwabwera ku intaviyu, ngakhale chipindacho chili masitepe khumi kuchokera pamene mumagwira ntchito. Tengani makalata anu a sukulu ndi a maphunziro ena mu envulopu. Manijala amene mumaseka naye masiku onse mupatseni ulemu wa tsikulo.

Kumapeto adzati, "Muli ndi funso?" Musati ayi, ndipo musayambe ndi za malipiro. Funsani za malire a mpandowo: "Kodi supavaiza ali ndi mphamvu yopereka chenjezo la kalata yekha, kapena limadutsa ku ofesi? Ovataimu ndingavomereze mpaka maola angati ndisanapemphe kwa inu?" Ndipo funsaninso ili, limene pa nkhani yanu ndi lofunika kwambiri: "Mukasankha munthu, adzalengeze ku gulu ndani?" Pemphani kuti akakusankhani, manijala abwere yekha kosungira katundu, aime pamaso pa anthu naini aja, anene ndi pakamwa pake kuti kuyambira lero mashifiti, makiyi ndi tchuthi zizidzera kwa inu. Ndaona masupavaiza abwino akuvutika miyezi yambiri chifukwa anangopatsidwa kalata m'ofesi, n'kubwerera kukagwira ntchito ngati palibe chachitika, anzawo n'kumapitabe kwa manijala kukapempha chilichonse. Pemphaninso kuti bambo aja adzauzidwe zotsatira paokha, chilengezocho chisanachitike.